Faifi Peresenti ya ku Magodi

"Mwanawe, tayipisiti ndi zala basi. Maso uziwasiya kunyumba." Anandichenjeza choncho mayi wina wa ku Chipata amene anandiphunzitsa kutayipa, mayi wokhoma kabati yake ngakhale akungopita kukataya madzi. Ankati zimene mabwana alemba pamanja iwe uzingozimenya pa makina momwe zilili, kaya alemba kuti mbuzi yaikira mazira. Ukayamba kuwerenga zimene ukutayipa, ankatero, tsiku lina udzadziwa chinthu chosakuyenera.

Ndinavomera ndi mutu, koma sindinamvere. Ine chibadwire sindikhulupirira munthu. Shuga wa m'sitolo ndimakamuyezanso kunyumba. Adzukulu anga amandiseka kuti ngakhale m'busa akalengeza nyimbo, ndimayamba ndaona m'buku ngati nambalayo ndi yomweyo. Aziseka, si iwo anaona zimene ndinaona ine.

Ndinafika ku Lundazi ndili mtsikana, masiku a chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi m'chikwama. Ntchito ndinaipeza pa boma, mu ofesi ya pulojekiti ina ya mtedza. Inali ofesi ya zipinda ziwiri: china cha bwana, mwamuna wamtali wochokera ku Lusaka wokonda masuti a manja aafupi, china changa ndi makina anga ndi mashelefu a mafayilo. Kumidzi kunali alangizi atatu, wina ku Kapichila, wina ku Chikomeni, wina ku Magodi. Wa ku Magodiyo ndiye anadzakhala mwamuna wanga.

Anali Mtumbuka wa komweko, wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Tsiku loyamba kulowa mu ofesi anati, "Monile, mama," ine ndinangomuyang'ana nsapato. Zinali zofiira ndi fumbi mpaka m'zingwe, ndiye ndinadziwa kuti uyu m'minda amafikadi, salembera malipoti pansi pa mtengo wa mango ngati ena. Tinakwatirana patatha zaka ziwiri. Iye ankakhala ku kampu yake ku Magodi, ine pa boma ndi ana chifukwa cha ntchito. Loweruka lililonse, dzuwa likangopendeka, ndinkamva belu la njinga yake kumbuyo kwa mpanda. Ankaliza kawiri, n'kudikira, n'kulizanso kamodzi. Pakaliyala pamakhala nkhuku, kapena maungu, kapena kathumba ka mtedza wosasenda. Lolemba m'mamawa ankabwerera. Ukwati wathu unali wa masiku awiri pa sabata, koma masiku awiriwo anali odzaza, ndipo sindinasirirepo mkazi wogona ndi mwamuna wake masiku asanu ndi awiri akukangana.

Ankanditcha "a shushushu," dzina limene anthu ankatchula monong'ona ponena akazitape a boma, chifukwa ndinkamufunsa mafunso ambiri. Nkhukuyi wakupatsani ndani? Bwanji malayawa asokedwa ndi ulusi umene si wanga? Iye ankangoseka n'kumati, "A shushushu, lekani niyambe namwa madzi, mlandu uzengedwe bwino."

Ntchito ya alangizi inali yosavuta kuifotokoza. Aliyense anali ndi kaundula wa mabanja zana limodzi, omwewo chaka ndi chaka. Ankawerenga kuti mwa mabanja zanawo, ndi angati abzala mbewu ya pulojekiti m'mizere monga anaphunzitsidwira. Kumapeto kwa nyengo aliyense ankadzaza fomu, bwana n'kuphatikiza mafomuwo kukhala lipoti, ine n'kutayipa. Pa fomupo panali danga lomaliza lofunsa kuti chiwerengero chakula ndi maperesenti angati kuchokera chaka choyamba cha pulojekiti. Chaka choyambacho ndicho chinali poyambira kuyeza, ndipo sichinkayenera kusintha. Kwa zaka zingapo palibe ankalabadira dangali. Ena ankalisiya lopanda kanthu, bwana osafunsa.

Chaka chachisanu cha pulojekiti zinthu zinathina. Mafuta a galimoto anasowa, mapepala anasowa, ndipo kunabwera kalata yochokera kulikulu yonena kuti alangizi atatu achuluka, atsale awiri. Bwana sanafune kuoneka wokondera, makamaka poti akuluakulu a chipani ankadzakhala nawo pa msonkhano wogamula. Anati manambala ndiwo alankhule. Mlangizi amene dera lake lakula pang'ono kuposa onse chiyambire pulojekiti, ameneyo apume. Dangalo tsopano linasanduka mpeni.

Mafomu anafika Lachinayi. Bwana anawaphatikiza pamanja, nandipatsa kuti Lolemba masana lipoti likhale litatha, msonkhano Lachiwiri. Ndinalowetsa pepala m'makina, kaboni pakati, n'kuyamba. Kapichila: 25 peresenti. Chikomeni: 20 peresenti. Magodi: 5 peresenti.

Zala zinaima zokha. Ndinakhala ndikuyang'ana ka 5 kaja, kolembedwa ndi dzanja la bwana, ndipo nditatsegula fomu yeniyeni ndinapeza kuti n'kochokera m'dzanja la mwamuna wanga yemwe, ka 5 ka mimba yaikulu kamene ndinkakadziwa ngati nkhope ya mwana wanga. Palibe anamunamizira. Anadzilembera yekha.

Choyamba chimene chinandibwerera sichinali masamu. Ndinaona njinga ija itatsamira pakhoma masiku onse, mwini wake atakhala pakhonde wopanda kopita. Njingayo inali ya pulojekiti, akanailanda. Nyumba ya ku kampu akanailanda. Ndinaona mwamuna woseka uja akundipempha ndalama ya sopo. Kenako mtima wanga wakale uja, wosakhulupirira kanthu, unati: werenga.

Fomu yake inati chaka choyamba mabanja khumi mwa zana ndiwo anabzala, chaka chino khumi ndi asanu. Iye anangochotsera, khumi ndi asanu kuchotsa khumi, napeza asanu, nalemba 5 peresenti. Ndinatsegula ya ku Chikomeni. Kumeneko anachoka pa makumi awiri kufika pa makumi awiri ndi anayi. Mlangizi wa kumeneko akanachotsera ngati mwamuna wanga akanalemba 4, koma iye anatenga anayi owonjezekawo n'kuwayerekeza ndi makumi awiri oyambawo, napeza gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye 20 peresenti. Anthu awiriwa anayankha mafunso awiri osiyana m'danga limodzi. Wina anayeza ndi mkono, wina ndi phazi, bwana n'kuika manambalawo pamzere umodzi ngati ana a mimba imodzi. Mawu aang'ono a pansi pa fomu ankagwirizana ndi wa ku Chikomeni: owonjezeka uwagawe ndi a chaka choyamba. Mwa njira imeneyo, asanu pa khumi ndi theka. Magodi anakula ndi 50 peresenti.

Ndikanalekera pomwepo. Koma amene wapeza nsabwe imodzi savula malaya n'kuwapachika, amafufuza msoko wonse. Fomu ya ku Kapichila inati anachoka pa makumi anayi kufika pa makumi asanu. Khumi pa makumi anayi ndi gawo limodzi mwa anayi, 25 peresenti, masamu ake olondola. Chimene chinandikayikitsa ndi makumi anayiwo. Ku Kapichila anthu ankalima mtedza kale pulojekiti isanabwere, ndipo ndinkakumbukira kuti chaka choyamba bwana anadzitama kuti kumeneko theka la mabanja lalowa nthawi imodzi. Theka la zana si makumi anayi.

Ndinapita pa shelefu kukafuna fayilo ya chaka choyamba. Inalipo chikuto chokha. Mapepala atayamba kusowa, bwana analamula kuti mafayilo akale tiziwatembenuza n'kulemba kumbuyo kwake. Chaka choyamba ndi chachiwiri zinapita motero, zina zinasanduka makalata opempha matayala, zina maenvelopu omata ndi phala la ufa, zotsala chiswe chinamaliza. Fayilo yakale kwambiri yotsala inali ya chaka chachitatu. Chimenecho chinali chaka chotsatira chilala, pamene anthu anakazinga mbewu n'kudya, minda yambiri n'kugona. Mlangizi wa ku Kapichila atabwera kudzafuna nambala yoyambira, anatsegula fayilo yapansi kwambiri pa mulu, naganiza kuti yapansi ndiyo yoyamba. Ndikumukumbukira ataima pa shelefupo, akunyowetsa chala ndi malovu. Sanabe. Anangoyambira kuyeza ali m'dzenje.

Tsono ine ndinali ndi kachitini ka mabisiketi kuseri kwa kabati. Mu ofesi, cholakwa chilichonse chimagwera tayipisiti. Bwana akalemba molakwa, pamsonkhano amati makina ndiwo analumpha. Choncho chiyambire ntchito, lipoti lililonse ndinkaika kapepala kachitatu kopyapyala pansi pa kaboni, n'kukasunga m'chitinimo, kuti wina akadzandinamizira ndidzatulutse umboni. Ndinavundukula, ndinapeza chaka choyamba, zilembo zotuwa koma zowerengeka. Magodi khumi. Chikomeni makumi awiri. Kapichila makumi asanu.

Makumi asanu chaka choyamba, makumi asanu chaka chino. Kapichila sanakule ngakhale ndi banja limodzi. Anagwa ndi chilala n'kudzuka, basi.

Sindinauze munthu. Lachisanu lonse ndinatayipa masamba ena, tsamba la manambalalo ndinalisiya. Mzimayi wa mu ofesi yoyandikana nafe, amene tinkadyera limodzi chinangwa masana, anandifunsa chimene chandidyetsa njuchi. Ndinati dzino. Mlamu wake anali wapampando wa chipani m'dera lina, ndipo mawu ku Lundazi ankayenda msanga kuposa basi.

Loweruka belu linalira. Ndinamusiya asambe, adye, asewere ndi ana. Kenako ndinayala mphasa pansi pa mpapaya, ndinathira mtedza wosenda m'mbale, n'kumuitana.

"Bambo ake a mwana, bwelani mukhale apa."

"Yayi, nalakwa vichi lelo?" anatero akukhala. "Nkhuku ija anipatsa ni agogo aakazi, alibe na mano."

Ndinawerenga njere khumi n'kuziika pamphasa. "Mabanja anu a chaka choyamba." Ndinawonjezera zisanu pambali. "Awa ndi atsopano. Mulu uwu wakula bwanji?"

"Na faifi."

"Faifi chiyani?"

"Faifi peresenti, mama. Teni peresenti kufika fifitini. Mwana wa giledi folo angakuuzeni."

"Mwana wa giledi folo akanakhala ndi mbuzi khumi, n'kubadwa zisanu, akanati khola lakula pang'ono?"

Anatola njere imodzi mwa zisanu zija n'kuponya m'kamwa. Ndinamumenya padzanja. "Mukudya banja la eni ake!"

"Lekani, ni banja la ulesi ili, nikulidziwa." Anaseka, koma maso anali pamphasa. Ndinabwezera njere ina. Ndinatenga zisanuzo n'kuzindandalika pansi pa khumi zija, imodzi pansi pa inzake, ndipo zinathera pakati penipeni pa mzere. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Hafu," anatero motsitsa.

"Hafu. Fifite peresenti. Asanu anuwo ndi mapointi, kusiyana kwa teni ndi fifitini pa zana. Fomu sikufunsa zimenezo. Ikufunsa kuti amene munayamba nawo achuluka bwanji."

"Ine napita ku koleji ya zaulimi zaka ziwili," anatero akukanda m'mutu, "kuti nizagonje kwa munthu womenya makina ngati akusinja mapila."

"Ku koleji anakuphunzitsani kutalikitsa mizele. Kuwelenga mawu aang'ono a pansi pa fomu munali mutapita kukaona atsikana."

Anagwa chagada ndi phwete. Koma nditamuuza za ku Kapichila, kuseka kunatha. Anadzuka n'kukhala bwinobwino. Mlangizi wa kumeneko anali mnzake, wamkulu kwa iye, wa ana asanu ndi awiri. Anati munthu ameneyo chaka cha njala anayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu kwa amene anasungako pang'ono, n'kumagawira ena pa chitini pa chitini, ndipo kubweza mabanja khumi aja inali ntchito yoposa yake. Anati nambala singaone zimenezo.

"Konzani yanga yokha," anatero. "Ya mnzanga isiyeni."

Ndinamufunsa ngati waganiza bwino. Yake ikakhala 50, ya ku Kapichila n'kutsala 25, wotsika adzakhala wa ku Chikomeni ndi 20 yake, munthu yekhayo amene anadzaza fomu molondola. Achotsedwe iyeyo chifukwa chodziwa masamu? Mwamuna wanga anatola mtedza wonse pamphasa, nauthira m'mbale, napita kukapopa njinga imene inali yopopa kale.

Lolemba ndinafika mu ofesi anthu asanabwere. Tsamba lija ndinalitayipa kawiri, lina momwe bwana analembera, lina momwe linayenera kukhalira, ndi manambala a chaka choyamba pambali kuti aliyense athe kudziwerengera. Pa lachiwirilo ndinawonjezera danga la mapointi: Magodi asanu, Chikomeni anayi, Kapichila palibe. Ndinafuna asadzanene kuti ndasankha muyezo wokomera mwamuna wanga, poti pa miyezo yonse iwiri mndandanda unali womwewo. Ndinaika masamba awiriwo pa tebulo la bwana, kapepala ka m'chitini pamwamba, ndinaima pakhomo manja kumbuyo.

Anawerenga, navula magalasi, nawavalanso.

"Manje ici n'ciani, mayi? Nakuuzani kuti mutayipe, osati mulembe lipoti yanu."

"Yanu ili pomwepo, bwana. Musankhe imene ndiike."

"Uyu fifite ni mwamuna wanu."

"Ndi mwamuna wanga, bwana. Koma teni uyo ndi fifitini uyo sindinalembe ine. Muwelenge nokha."

Anatenga pensulo nawerengera m'mphepete mwa nyuzipepala, milomo ikugwedera. Anachita kawiri. Kenako ananyamula kapepala kopyapyala kaja ndi zala ziwiri.

"Aka mwakacotsa kuti? Muziba kuti kusunga mapepala a ofesi mobisa ni mlandu? Masiku ano munthu angafunsiwe kuti amawapeleka kwa ndani."

Ndinati sikanatulukepo mu ofesi muno, kali m'chitini kuopa chiswe, ndipo pansi pake pali siginecha yake yomwe yodutsa pa kaboni. Anayang'ana, naipeza. Ndikuganiza kuti chimene chinamugwira si chilungamo ayi, koma kulikulu, kumene lipoti la chaka choyamba linali likadali m'fayilo yawo. Wina wa maso kumeneko akanaona kuti makumi asanu asanduka makumi anayi, ndipo wofunsidwa akanakhala iye.

"Ikani yaciwili," anatero. Ndikutuluka anawonjezera kuti, "Chitini cija cibwele muno." Ndinamupatsa chitini. Mapepala ofunika ndinali nditawachotsamo kale.

Msonkhano wa Lachiwiri unatenga tsiku lonse. Ine ndinangolowa kawiri ndi tiyi. Ndinaona mlangizi wa ku Kapichila atagwira chipewa pamaondo, nkhope ngati wabwera pamaliro. Ndinaona mwamuna wanga akuyang'ana pansi. Ndinamva mkulu wina wa chipani akufunsa kuti zitheka bwanji dera la mabanja makumi asanu kugonja kwa dera la khumi ndi asanu, bwana n'kumafotokoza kuti funso silinali lakuti wamkulu ndani koma wakula ndani. Nditatseka chitseko sindinamvenso kanthu, ngakhale ndinachedwa dala pokolopa pakhonde pomwe panali poyera.

Chigamulo ndinachidziwa Lachitatu, pochitayipa. Palibe anachotsedwa ntchito. Kunapezeka kuti kulikulu ankafuna kale munthu wokatsegula kampu yatsopano kuchigwa, ku Malambo, kumene mtedza wa m'mizere unali usanafike, ndipo malipiro a ameneyo ankachokera m'thumba lina. Kumtunda kuno kutsala awiri monga kalata ya kulikulu ija inanenera, wa ku Kapichila atenganso Magodi. Wopita kuchigwa, inatero kalata ya chigamuloyo, akhale amene waonetsa kuti amatha kuyamba ndi ochepa n'kuwachulukitsa. Panali dzina la mwamuna wanga, ndi 50 peresenti pambali pake, ndi mawu oti akwezedwa kukhala mlangizi wamkulu.

Ndinatayipa kalatayo popanda cholakwa ngakhale chimodzi. Mpaka lero sindidziwa kuti maganizowo anayambitsa ndani. Mwina bwana, pofuna kuthawa kuchotsa munthu. Mwina a chipani, pokhala wa ku Kapichila anali ndi abale pakati pawo. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwamuna wanga anadzipereka yekha kuti apulumutse mnzake. Ndinamufunsa kangapo, iye ankangoti, "A shushushu, fayilo imeneyo yatsekedwa."

Anapita mokondwa, zimenezo sindingabise. Anagula nsapato zatsopano. Kwa anzake ankati, "Ine ndine wa fifite, mkazi wanga ndiye ananipeza." Lole ya pulojekiti inamutenga mwezi wa chisanu, njinga itamangidwa pamwamba pa matumba a mbewu. Anati chaka chimodzi kapena ziwiri, akakhazikitsa zinthu adzapempha kubwerera.

Kuchigwa si kotalika kwambiri ukayang'ana pa mapu a mu ofesi. Koma mvula ikayamba mitsinje imadzaza, msewu umasanduka phala, ndipo kuyambira mwezi wa Khirisimasi mpaka chimanga chitacha kunalibe galimoto yotsika kapena kukwera. Amene ankabwera Loweruka lililonse anayamba kubwera kawiri pa chaka, wakuda ndi dzuwa, woonda, atanyamula nsomba zouma ndi nkhani za njovu zodya m'minda ya anthu ake. Ine sindikanamutsatira. Sukulu kumeneko inali yolekeza panjira, ndipo ntchito yanga ndiyo inkagula mayunifolomu. Tinkalemberana makalata opatsira anthu oyenda pansi. M'kalata iliyonse ankandiuza chiwerengero chake, mabanja atatu, kenako asanu ndi awiri, n'kulemba pansi kuti, "Welengani ndinu, ine ningalakwitse."

Loweruka ndilo linkandivuta. Dzuwa likapendeka ndinkapezeka ndili kumpanda ndi tsache, ndikusesa posesa kale. Pa boma njinga zinali zambiri, ndipo iliyonse inali ndi belu.

Zaka ziwiri zinakhala zinayi. Anapempha kubwerera, anamuyankha kuti palibe wina wodziwa kuchigwa ngati iye. Chaka chachisanu, m'mwezi wa mvula yosalekeza, anadwala malungo. Uthenga unandipeza mu ofesi masana, pepala lili m'makina. Anabwera nawo mkulu wa mpingo wa kumeneko amene anayenda pansi masiku atatu, matope mpaka m'maondo. Anati anamwalira, ndipo anamuika masabata awiri apitawo, pafupi ndi munda wachitsanzo umene analima yekha. Ndinakaona manda mitsinje itaphwa. Anthu ake anandilandira bwino, anandipatsa mtedza wodzaza dengu. Sindinathe kuudya. Ndinaugawa kwa anansi.

Ndakhala ndi zaka zambiri zowerengera, ndipo masamu aja ndimawabwereza ndikamasenda mtedza pakhonde. Sanalakwike. Asanu pa khumi ndi theka lero ngati kale, ndipo amene wagwa n'kudzuka sanatalike. Ndikanapatsidwanso tsamba lija, sindikhulupirira kuti zala zanga zikanalola kumenya 5. Komabe ndimaona moyo winawo bwinobwino, ngati ndinaukhalamo. Akanachotsedwa ntchito, akanakwiya mwezi umodzi, mwina iwiri. Akanapempha munda kwa abale ake, akanalima, tikanakangana za sopo ndi mchere. Akanakalamba pampando uwo, akundiseka kuti ndimawerenga machesi m'bokosi. Adzukulu akewa, amene amangomudziwa pa chithunzi chimodzi cha nsapato zatsopano, akanamukwera pamsana.

Mlangizi wa ku Kapichila anakhala ndi moyo mpaka tsitsi lonse litayera. Chaka chilichonse pokolola ankanditumizira thumba la mtedza, osalemba kalata, osanena chifukwa. Ndinkalandira, ndinkayeza, linkakhala lodzaza. Sitinakambepo nkhaniyi. Tikakumana kutchalitchi ankati, "Muli uli, mama?" ine n'kuti, "Nili makola," basi, aliyense njira yake.

Ana anabalalika, wina ku Chipata, awiri ku Lusaka. Amafuna ndikakhale nawo, koma nyumba za kumeneko zili ndi makiyi ambiri amene si ine ndimasunga. Adzukulu amabwera pa holide n'kupita. Masiku ena amatha osalankhula ndi munthu kupatula nkhuku.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, ngati njira yanu idzera ku Lundazi, mudzapatuke mudzandione. Mukafunsa kumsika za agogo amene ankatayipa ku ofesi ya mtedza, akulozerani. Mudzaodire muli kumpanda, mokweza, ndipo musadzakhumudwe ndikayamba ndakusuzumirani pawindo n'kukufunsani kuti ndinu mwana wa yani. Ndidzatsegula ndithu, mpando ulipo. Makamaka ngati ndinu wochokera kuchigwa, bwerani m'mawa, tidzakhale nthawi. Maondo anga sangatsikenso kumeneko, ndipo palibe amene anandiuzapo ngati mtengo umene ndinabzala kumutu kwa manda a mwamuna wanga unagwira.